Ngati simukudziwa mtundu wa foni, lembani kuti simukudziwa

Wina waika foni pamsika wa pa Facebook, walemba mwamphamvu kuti "iPhone SE 2022". Atamufunsa kuti wadziwa bwanji, akuti foniyo ili ndi achimwene ake ku Joni, iye anangolandira chithunzi pa WhatsApp n'kufananitsa ndi za pa intaneti. Zandikwiyitsa heve. Aise, chithunzi chakuuzani kuti ndi ya 2022?

SE ya 2020 ndi ya 2022 kunja n'chimodzimodzi. Zonse sikirini yake ndi mainchesi 4.7, kamera imodzi kumbuyo, batani lozungulira pansi, chizindikiro cha Apple pakati penipeni. Kusiyana kuli m'kati: ya 2020 ili ndi purosesa ya A13 ndipo 5G ilibe, ya 2022 ili ndi A15 komanso 5G. Zimenezi sizioneka pa chithunzi ngakhale mutachikulitsa motani. Chomwe chithunzi chingakuthandizeni n'kuchotsapo iPhone 8, chifukwa iyo chizindikiro chili chakumtunda ndipo pali mawu oti iPhone. Komabe galasi lakumbuyo amisiri amasintha tsiku lililonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutsimikiza kwake sikutenga nthawi. Amene ali ndi foniyo alowe mu Settings, General, About, awerenge pa Model Name. Akagogoda pa Model Number pamabwera nambala yoyamba ndi A. Ikakhala A2275, A2296 kapena A2298 ndi ya 2020. A2595 kapena A2783 ndi ya 2022. Ngati foni sikuyaka, asolole kathireyi ka SIM, aunike ndi tochi pabowopo, nambala ya A ija inalembedwa chakumtunda m'katimo.

Ngati zonsezi sizinachitike, lembani zomwe mukudziwa basi. Mwachitsanzo: "iPhone SE yofiira, yogwiritsidwapo ntchito. Ndangoiona pa chithunzi, ndiye sindinatsimikize ngati ndi ya 2020 kapena 2022. Kukula kwa memore ndi mphamvu ya batire sindinaone. Mtengo ndaika wa ya 2020. Mulipire mukaona nokha pa About." Chavuta pamenepa n'chiyani? Kukayikako kulembedwe pamutu pomwe, osati kukubisa pamzere womaliza pomwe munthu safika. Ndipo mtengo ukhale wa yotsikayo. Kulemba kuti "mwina ndi ya 2022" uku mukutchaja mtengo wa ya 2022, kumeneko ndi kuba kovala jekete.

Inde ndalama ikusowa, tonse tikudziwa. Koma chimene mwangoganizira musachilembe ngati mwachiona ndi maso. Simunaigwire foniyo, nenani kuti simunaigwire. Simukudziwa, nenani kuti simukudziwa.

Nanga inu oika chithunzi cha pa intaneti cha foni yatsopano pomwe yanu ndi yong'aluka pakona, mtengo osalemba, munthu akafunsa mukuti "bwerani ku inibokisi", mukubisa chiyani?