Malata akuda ku Nchalo, mukufuna kuotcha ndani?

Ine zandikwana. Landilodi wathu kuno ku Nchalo wapentetsa denga lonse penti wakuda bii, ati nyumba izioneka yamakono ngati za ku Lilongwe. Ndinawauza kuti bambo, bwanji mugule woyera, mtengo sukusiyana kwenikweni. Akuti woyera ndi wa kuchipatala. Iwo amagona kwina, ife ndi amene tikupsa muno, siling'i mulibenso.

Okutobala wa kuchigwa kuno mukumudziwa, kunja kumapitirira madigiri 40. Ndiye munthu n'kuika chakuda pamutu pa anzako? Lata lakuda limabweza dzuwa pang'ono chabe, pa magawo 100 mwina 5 kapena 10, lotsalalo limamwa lonse n'kusanduka moto wotsikira m'nyumba. Masana lata lotere limafika madigiri 70 n'kupyola. Penti woyera wapadenga akakhala watsopano amabweza magawo 70 mpaka 80, lata n'kutsika ndi madigiri oposa 20. M'kati mwa nyumba kusiyana kwake ndi madigiri awiri mpaka asanu basi, sindikunena kuti mukhala ngati mufiliji ayi. Koma funsani mayi amene khanda lake likulira 2 koloko masana ngati madigiri atatu ndi ochepa.

Simukukhulupirira? Tengani zidutswa ziwiri za lata, china chakuda china chopenta zoyera, muziyanike padzuwa ola limodzi, kenako gwirani ndi dzanja. Chakudacho simuchigwira kawiri.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Denga likuoneka bwino kumsewu, m'nyumba ana atuluka zitukuta thupi lonse, mkeka tikuyala pakhonde usiku udzudzu uli ng'wee. Tangotengerana fasho basi. Anthu a ku Ahmedabad ku India, komwe kumatentha zenizeni, akhala akupaka madenga a anthu osauka zoyera, ena ndi laimu wamba. Ife tikulipira ndalama kuti nyumba itenthe. Kulipira ndalama, kugula kutentha! Kenako tigule fani, fani yomwe magetsi akazima imangotiyang'ana.

Nanunso openta musandiyambe. Mnzanga wina anamvera, anagula woyera, mmisiri n'kuthira madzi chidebe chimodzi kukhala ziwiri, n'kupaka kamodzi pamwamba pa fumbi ndi dzimbiri. Mvula yoyamba penti yense anasupuka, lero akuti penti woyera sagwira ntchito. Denga limayamba latsukidwa, dzimbiri lipalidwe ndi bulashi yawaya, apake penti woyambira wogwira pa lata, kenako woyerayo kawiri, woyamba atauma. Ndipo fumbi la kuno likadzaza pamwamba kuyera kumachepa, kutentha n'kuyambiranso, muzilitsuka chilimwe chisanafike. Wina amvekere laimu ndi wotchipa. Pa lata laimu sakhalitsa, mvula ikagwa amakokoloka, mudzapakanso chaka chamawa.

Renti ndiye akweza, ati chifukwa apenta.