Kuwala kwachuluka m'ndakatulo zathu

Zimandipweteka kumva ndakatulo zopemphera kuno ku Nsanje: mzere uliwonse “kuwala kwanu”, wotsatira “chikondi chanu chosatha”. Mawuwa ndi oona, koma atha ngati khasu lakale, salimanso mumtima.

Taonani mzere uwu: “Chikondi chanu chimanditeteza.” Wolemba adzifunse: chinanditeteza liti, kuti? Mu Januwale 2015, Ruo ndi Shire atasefukira, anthu a ku Makhanga anagona m'mitengo kudikira bwato. Ndiye lembani: “Ndinu nthambi imene sinathyoke usiku umene madzi anatenga nkhokwe.” Dzina la chikondi simunalitchule, koma gogo amene anakwera mtengowo agwetsa misozi.

Mzere ukakhala woti ungalowe mu ndakatulo iliyonse osasintha kanthu, ufafanizeni. Ndipo kuwala, abale, m'chigwa chotentha chonchi timapempha mthunzi.