Inu achinyamata ofuna ntchito, CV ya "ndinathandiza" yatikwana

Loweruka lapitali mphwanga anabwera ndi CV yake atapulintitsa kale pa Kasungu boma, akuti malume taonani ndisanakaponye, ku kopaletivu ina ya soya ku Mchinji akufuna kalaliki wa sikelo. Nditaiwerenga mutu unandiwawa. Timadontho 8 pansi pa ntchito yomwe ankagwira ku esiteti ya fodya, ndipo 7 tonse tikuyamba ndi liwu limodzimodzi lachingerezi lija lotanthauza kuti ndinathandiza. Ndinathandiza kuyeza, ndinathandiza kulemba, ndinathandiza izi ndinathandiza izo. Kodi zaka 3 zonsezo unali wongoima pambali? Nanga ntchitoyo amagwira ndani?

Ndinamukhazika pakhonde nkumufunsa bwinobwino kuti iwe, m'mawa ukafika unkatani. Apa ndiye zinthu zinayamba kutuluka. Mabelo ankayeza yekha, osachepera 60 pa sabata nthawi yotumiza fodya ku okushoni. Buku la ngongole za matenanti 35, chimanga ndi feteleza, linali m'manja mwake. Anthu 12 osankha fodya m'shedi amawauza zochita ndi iyeyo. Ndipo tsiku lina ndi iye anazindikira kuti sikelo ikunama ndi makilo 2 pa belo, mpaka bwana anaitana wokonza. Zonsezi mwana anazikwirira pansi pa "ndinathandiza". Aaa!

Tinalembanso. Ndinayeza mabelo 60 pa sabata. Ndinasunga buku la ngongole za matenanti 35. Ndinayang'anira osankha fodya 12. Ndinatulukira vuto la sikelo. Mzere uliwonse liwu lake, lonena chimene manja ako anachita, kenako nambala. Powabweza m'Chingerezi ndi chimodzimodzi, liwu lochita likhale patsogolo. Kadontho kamodzi kokha tinakasiya ndi "ndinathandiza", ka malipiro, chifukwa kumeneko analidi wothandizira akauntanti.

Ena inu mukamva zimenezi mumathamangira kukatola mawu akuluakulu, ndinatsogolera, ndinakhazikitsa, ndinasintha kampani yonse. Unatsogolera ndani iwe unkangonyamula matumba? Ku intavyu akakakufunsa kuti anthu ake anali angati, udzayang'ana kudenga? Liwu lamphamvu lopanda ntchito kumbuyo kwake lidzakuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Enanso mumangosinthanitsa, apa ndinathandiza, pansipa ndinathandizira, penapo ndinatengako mbali, mukuganiza kuti wowerenga ndi mwana?

Tengani pepala, phimbani CV yanu kusiya mawu oyamba okha a mzere uliwonse, muwerenge kutsika pansi. Mukapeza liwu limodzi kawiri pa ntchito imodzi, bwererani mukakumbukire zomwe munkachitadi. Munthu wa kuofesi ali ndi mulu wa maenvulopu patebulo, diso lake limangotsetsereka kumanzere kwa pepalako, akaona nyimbo imodzimodzi amaika pambali, inu nkumati kuli ziphuphu.

Ndalama yopulintira muli nayo, koma mphindi 20 zoganiza mulibe? Ulesi umenewo usiyeni.