Ndinafika kumudzi ndi katundu, thupi litatsala ku Kanyama

Nkhani iyi ya kufooka kuchipinda amuna anzanga a kuno ku Lusaka sayikamba, koma ine yanditopetsa kuisunga m'mimba. Ndine mlonda. Ndimalowa ntchito 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku 6 pa sabata. Ndikafika kukachipinda kanga ku Kanyama dzuwa limakhala litayamba kale kuwotcha malata, ana a landilodi akusewera pakhomo penipeni, wina watsegula wailesi. Ndikagona maola 4 ndiye kuti tsikulo ndachita mwayi. Mayi a kunyumba ndi ana ali ku Mchinji, ndipo ulendo wathawu ndinatha miyezi 8 osawaona.

Anthu a kumudzi amaona ngati Lusaka ndi pafupi chifukwa sitiwoloka nyanja. Akwere basi pa siteshoni ya Intasite m'bandakucha, adutse Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, akafike ku Chipata dzuwa litapendeka, kenaka Mwami. Tsiku lathunthu limenelo. Abwana anandipatsa masiku 6, awiri a pamsewu, anayi a pakhomo. Ndipo pa miyezi 8 ija, foni ikalira sinkhani yoti takusowani ayi. Feteleza, fizi, malata adontha, amalume adwala. Sindikuwanena mayiwo, mavutowo ndi enieni. Koma zinafika poti ndikaona dzina lawo pafoni mtima umagunda ngati ndaona wangongole. Ndiye munthu amene dzina lake likukugunditsa mtima choncho, thupi limulakalaka bwanji?

Ndinazindikira mochedwa kuti chilakolako chinali chitazilala. Poyamba ndinkadzitama kuti ndine mwamuna wodziletsa, anzanga akamapita kumabala ine ndili phee. Sikunali kudziletsa konse. Kunali kutopa.

Usiku woyamba kumudzi, mayi anatenthetsa madzi, anapha nkhuku, ana anawagoneka msanga kwa agogo awo. Anavala mikanda yatsopano, ndinaimva kulira pamene ankayala. Ine m'mutu munali chinthu chimodzi chokha: miyezi 8, lero ndisachite manyazi. Thupi linadzuka pang'ono, kenaka zii. Ndinanamizira msana, ndati basi yandiphwanya. Usiku wachiwiri ndinayamba kudziyang'anira ndekha ngati mlonda pageti, kuti kodi zitheka, kodi zitheka. Sizinatheke. Wachitatu zinatheka koma zinatha tisanapite patali. Mayi anatembenukira kukhoma, patapita nthawi anati, "Bambo ake, ngati kuli wina ku Lusakako ingondiuzani." Ndinalumbira kuti kulibe, koma ndimadziwa kuti mwamuna wachibwenzi amalumbiranso chimodzimodzi.

Nditabwerera ndinalakwitsa kuuza mnzanga wina wa kuntchito. Anaseka mpaka kugwira khoma, ati mudala mwagwa mu mpapaya, kapena akumangani kumudzi. Mawa lake ananditengera cha kumsika wa Soweto kwa ogulitsa mankhwala. Kunali gondolosi, mutototo, ndi timabotolo ta madzi akuda topanda dzina. Aliyense ndi dokotala kumeneko. Ndinagula kabotolo, ndinamwa, usiku wonse mutu ukugunda, nkhope kutentha, mphuno zitatsekeka. Ndalama ya relishi ya sabata yonse inapita choncho.

Amene anandithandiza ndi dokotala wina pakiliniki, kumene ndinapitira mutu womwewo. Nditamasuka, funso lake loyamba linandidabwitsa: "Mukamadzuka kutulo, thupi limakhala litadzuka?" Ndinati inde, masiku ena, makamaka ndikagona bwino tsiku la ofu. Anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Ngati misempha ya magazi kapena minyewa yawonongeka, vuto limabwera pang'onopang'ono ndipo limakhalapo nthawi zonse, m'tulo momwe. Koma ngati m'tulo zikutheka, nkumakanika pokhapokha pali mkazi ndi mantha, nthawi zambiri gwero lake ndi maganizo. Sanathere pomwepo, anandiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, poti awiriwa ndi amene amapha mphamvu za abambo mwakachetechete, ndipo nthawi zina kufooka kuchipinda ndi kumene kumayamba kuwulula matendawa. Shuga anali bwino. Magazi anali okwera pang'ono, anati ndizibwera kudzayezetsa.

Anandifotokozera momwe zimayendera, ndipo ndinamva msanga chifukwa ndi za ntchito yanga. Mlonda ukamva chitsulo chalira kumpanda usiku, mtima umathamanga, manja amazizira, magazi amathamangira kumiyendo ndi kumikono kuti uthawe kapena umenye. Pa nthawi imeneyo timisempha ta kumaliseche timafinyika. Kuti mwamuna adzuke pamafunika zosiyana ndi zimenezo, misempha imasuke, magazi alowe ndi kukhazikika. Thupi silisiyanitsa kuopa mbava ndi kuopa manyazi. Ndiye ine ndinalowa kuchipinda kwa mkazi wanga ngati ndikulowa shifiti. Kulephera koyamba kunabala mantha, manthawo nkubala kulephera kwachiwiri. Za kutha msanga anati nzachizolowezi kwa munthu amene watha miyezi osakhala ndi mkazi, ndipo zimakhazikika mukakhala limodzi masiku angapo. Masiku angapo ake ati, abwana atakupatsa anayi?

Anakambanso za tulo. Mphamvu ya chimuna m'magazi, imene amati tesitositeroni, imakwera munthu akagona, ndipo wogona pang'ono masiku ambiri imatsika, chilakolako nkutsika nayo. Mowa umene ndinkamwa kuti tulo tibwere masana unkangowonjezera. Za kabotolo kaja anapukusa mutu. Anati ena amasakanizamo mapilisi ophwanya a sildenafil, mankhwala a kuchipatala othandiza mwamuna kudzuka, osanena mlingo, ndipo zizindikiro zanga zinkafanana ndi zimenezo. Mankhwalawo amathandiza magazi kulowa, koma sabweretsa chilakolako, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima angagwetse magazi mpaka kukomoka. Akafunika, alembe ndi dokotala atakuyeza.

Chimene chimandipsetsa mtima nchakuti tonse a kuno tikudwala nthenda imodzi, koma pabawo aliyense ndi tambala. Wina amakuuza kuti pezako kamtsikana ka mukomboni uyesere ngati injini ikulira. Uyesere! Ukalephera kumeneko mantha awirikiza, ukatha wanyamula matenda kupita nawo kwa mayi wa ana ako. Amene amalangiza zimenezi ndi omwe aja anatchona, kwawo anawaiwala nkhope.

Ndachitako zochepa zimene mlonda angathe. Pawindo ndinakhomapo bulangete lakuda, m'makutu ndimatsekamo thonje, foni ndimazimitsa mpaka 1 koloko masana. Mowa wogonera ndinasiya. Chovuta kwambiri chinali kuimbira mayi. Ndinayenda mpaka kunjanji kuti a landilodi asamve, ndipo ndinawauza zonse mmene ananenera dokotala. Anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye bwanji simunanene? Ine ndinatsala pang'ono kupita kwa ankhoswe." Tinagwirizana kuti za ndalama tizikamba Lamlungu lokha, masiku ena tizicheza ngati anthu okwatirana. Tinagwirizananso zimene analangiza dokotala, kuti ndikadzabwera usiku woyamba ndi wachiwiri tidzangogona, kucheza ndi kugwirana, popanda mayeso.

Tsopano ndapempha masiku 10 mu Disembala. Abwana akuti nyengo ya zikondwerero mbava zimachuluka, ndidikire Febuluwale, ndipo masikuwo akhala 6 omwe aja. Ndinayima pamaso pawo chipewa chili m'manja, nkumaganiza kuti ndiwauze bwanji chimene ndikufunira masiku anayi owonjezerawo.