Linki yafa, kodi wakulakwa ndani?

Palibe chotopetsa ngati kudzaza fomu yonse pa foni, bando ikutha, kenako uthenga wotsimikizira akaunti osafika. Nthawi zambiri uthengawo umakhala kuti wafika kale, koma wagwera mu `Spam`. Pa Gmail, dinani timizere titatu kumanzere chakumwamba, mutsike mpaka `Spam`. Kapena lembani `in:anywhere` ndi dzina la tsamba lomwe mukulembetsapo mu bokosi losakira. Mukaupeza, dinani `Report not spam`, apo ayi wotsatirawo ukagweranso komweko.

Chokwiyitsa kwambiri ndi batani la `Resend`, lija lotumizanso uthenga wokhala ndi linki yatsopano. Munthu ali mu minibasi ya ku Area 25, netiweki ikudukaduka, amalidina katatu. Pa masamba ambiri linki yatsopano imapha yakale. Ndiye mauthenga atatu aja akafika, Gmail imawaunjika pamodzi, loyambalo lili pamwamba. Mudina limenelo, tsamba likuti `Link expired`, mudinanso `Resend`, basi mwaphanso yomwe inali yamoyo! Tsegulani uthenga wa pansi penipeni, muone nthawi yake.

Linkiyo ili ndi nthawi yake, masamba ena ola limodzi, ena maola 24. Musati "ndidzatsegula mawa magetsi akayaka". Ndipo ngati pa adiresi yanu ya imelo munalemba `gmial.com` m'malo mwa `gmail.com`, dikirani mpaka kudzagwe mvula, uthengawo sudzafika, yambiraninso kulembetsa.