Kadi ya ukwati yabwera, muyankha liti? Ife a ku Mzuzu ndi anzathu a ku Mbeya

Amene mumawoloka pa Songwe kukaoda katundu ku Kyela kapena ku Mbeya mukudziwa kuti kumeneko ukwati wa m'tauni umayamba ndi kadi yopempha chopereka, yokuitanira imabwera pambuyo. Komiti imakhala pansi kudakali miyezi, amawerengera holo, chakudya, zakumwa, emusi, kenako aliyense amalonjeza ndalama yomwe aponye ndipo amamuuziratu tsiku lomaliza. Amene waponya ndi amene amalandira kadi yolowera, ya munthu mmodzi kapena ya awiri malinga ndi zomwe wapereka, ndipo pakhomo pa holo pamakhala munthu woona makadi. Ndiye kumeneko kungokhala chete sikukufikitsa patali, tsiku likadutsa usanapereke aliyense wadziwa kale kuti suli nawo, mbale yako sanaiwerengere, nkhani yatha.

Kwathu kuno ndalama yambiri imabwera tsiku lenilenilo pa perekaniperekani, ndipo maukwati ambiri chitseko chimakhala chotsegula, olo amene wangomva nyimbo akudutsa pa Katoto amalowa. Izi nzabwino ndithu, ine sindingasinthanitse ndi za makadi apakhomo zija, koma zatizoloweza chinthu chimodzi choipa, timaona ngati kuitanidwa kulikonse yankho lake ndi "tiona" kapena "tikuuzani". Pa ukwati wa anthu mazanamazana woti iwe ndiwe mlendo wamba, zoona palibe amene angalire ukapanda kubwera. Vuto lili pomwe akuitana iweyo ndi dzina kuti ugwire ntchito inayake, pa layini, mu komiti, kukhala mlendo wolemekezeka, kudula keke, apa ndiye kuchedwa kumapweteka, chifukwa kwathu munthu akakhala chete woitanayo amawerenga ngati wavomera.

Tiyeni titenge nkhani imodzi tiyende nayo. Tinene mnzanu wa kutchalitchi wa ku Chibavi wakulemberani pa WhatsApp kuti akufuna mudzakhale pa layini, ukwati uliko miyezi itatu ikubwerayi, aliyense asonkhe tinene K80,000 ya nsalu ndi kusoketsa, nsapato ndi tsitsi nzapadera. Inu mwawerenga muli pa kabaza, mumtima mwadziwa kale kuti mwezi umenewo kuli fizi ya mwana ndipo sizitheka. Mutayankha tsiku lomwelo kapena mawa lake, mnzanuyo angodandaula pang'ono nkuimbira wina, ndipo winayo sadziwa nkomwe kuti sanali woyamba kuganiziridwa. Palibe ndalama yatayika, ndipo chifukwa chanu ndi chachifupi, fizi, basi.

Koma mwati dikirani kaye ndione, mwina china chake chigwa. Sabata ziwiri zadutsa, akulowetsani mu gulupu ya layini, dzina lanu lili pa mndandanda, akupezerani mnyamata wovina naye woti msinkhu mukufanana. Sabata yachinayi nsalu yagulidwa, mwina pa Taifa pompa mwina anachita kutuma munthu ku Tanzania kuti mtundu ufanane, ndipo mkwatibwi wakulipirirani gawo lanu poganiza kuti mubweza kumapeto kwa mwezi. Telala akufunsa miyezo. Tsopano taonani zomwe zasintha. Fizi ija ikadali yomweyo, koma payokha siikukwananso ngati chifukwa, poti funso lomwe mnzanu ali nalo mumtima ndi loti nanga bwanji osanena kale, fizi munkaidziwa chiyambire. Ndiye mukuyenera kufotokoza zinthu ziwiri, kukana komanso kukhala chete kuja, ndipo chachiwiricho ndi chimene chilibe yankho labwino. Apa ndi pamene anthu amayamba kupeka, foni inawonongeka, agogo kumudzi sakupeza bwino, abwana akana tchuthi, ndipo Mzuzu ndi yaing'ono abale, Loweruka lomwelo wina akuonani muli pa msika mukugula kaunjika.

Chimene chimandimvetsa chisoni nchoti manyazi aja amadzichulukitsa okha. Ukachedwa masiku atatu umaopa kutsegula meseji kuti matiki asasanduke a buluu, ukachedwa sabata umayamba kuzemba munthuyo potuluka m'tchalitchi, ndiye tsiku lililonse lowonjezera likukulitsa chipepeso chomwe ukuyenera kupereka, mapeto ake ambiri amangovomera mokakamizika nkukakongola ya katapila, kapena amasowa sabata yomaliza masitepe onse ataphunziridwa kale, mnyamata uja nkutsala wopanda wovina naye. Woloweza m'malo nthawi imeneyo ndi wovuta kumupeza, diresi inasokedwa pa thupi la wina, komanso ndani amakondwa kuitanidwa Lachinayi ukwati uli Loweruka?

Musaganize kuti a ku Tanzania zawo zonse zili bwino. Kumenekonso munthu amalonjeza pagulu ndalama yoti alibe chifukwa cha manyazi, kenako mameseji okumbutsa amagwa ngati mvula ya ku Nkhata Bay mpaka amazimitsa foni, matenda ake ndi omwewa. Kusiyana kwake nkoti iwo anaika tsiku, ndipo tsikulo limamukanira munthu ngakhale pakamwa pake palephera. A ku Zambia, monga ku Chipata ndi ku Lundazi, pa kitcheni pate amayi a mu komiti amauzidwiratu ndalama yosonkha ndipo chitenje cha yunifolomu chimapita kwa amene walipira, ndiye nakonso amene sali nawo amadziwika msanga. Ife tsiku lotere nthawi zambiri sitiika, timaopa kuoneka ngati tikugulitsa ukwati, ndiye woitanidwa ayenera kudziikira yekha.

Ine mmene ndimaonera, kuvomereza kuti uthenga wafika kuzichitika tsiku lomwelo, olo ndi mawu awiri okha. Yankho lenileni la za layini kapena komiti lisadutse masiku atatu. Ngati pali wofunika kumufunsa, bambo a kunyumba kapena a kuntchito, nenani choncho ndipo mutchule tsiku, "asisi ndalandira, ndikambirane kaye ndi alamu anu, ndikuyankhani Lachisanu", ndipo Lachisanu likafika yankhanidi olo alamuwo akadali kuzengereza, ngati sizinadziwikebe ndiye kuti yankho ndi ayi. Kuitanidwa kukadya kunyumba kwa munthu nkofulumira kuposa apa, muyeso wake ndi woti mayi wa pakhomopo amve asanapite ku msika komanso nkhuku isanaphedwe, ndiye akakuitanani Lachitatu za Lamulungu, pofika Lachinayi madzulo akhale atadziwa. Funso lothandiza nthawi zonse ndi loti, munthuyu atulutsa liti ndalama yoyamba chifukwa cha ine? Yankho lanu lifike tsiku limenelo lisanakwane.

Ndipo pokana msanga simufunika nkhani yaitali. "Asisi zikomo kwambiri pondiganizira, koma pa layini sinditha mwezi umenewo zandithina, musandiwerengere pa nsalu. Ku ukwati ndidzabwera, ndipo ku khitchini mundiike." Mawu oti musandiwerengere pa nsaluwo ndi ofunika, chifukwa mukangoti zandithina nkusiyira pomwepo, mnzanu wokoma mtima akuuzani kuti musadandaule mudzabweza pang'onopang'ono, ndipo mwabwereranso mu gulupu muja muli ndi ngongole. Akakhala munthu wamkulu, amalume kapena azakhali, meseji yokha siikwana, imbani foni kapena pitani konko madzulo ake, koma musadikire kuti mpaka mudzakumane ku mwambo wina mwezi wa mawa.