Wophunzira wokayikira sakopeka ndi ukali, komanso sakopeka ndi kungomuvomereza

Pali mkangano umene ndimaumva kawirikawiri pakati pa anthu olemba kafukufuku. Ena amati ukaima pamaso pa akatswiri okayikira uyenera kulimba mtima, kuphwanya maganizo awo akale ndi kuwaonetsa poyera pamene analakwitsa. Ena amati ayi, yamba ndi pamene mukugwirizana, vomereza zimene akunena zoona, kenako uwatsogolere pang'onopang'ono. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri a mbali yangayi amachiiwala, ndipo akachiiwala amagwa moipa kuposa aukali aja.

Mu 1945 Carl Hovland ndi anzake anayesa nkhaniyi pa asilikali a ku America. Ankafuna kuwakhulupiritsa kuti nkhondo yolimbana ndi Japan itenga nthawi yaitali. Gulu lina linamva uthenga wa mbali imodzi yokha, gulu lina linamva uthenga wotchulanso mfundo za mbali yotsutsa. Uthenga wa mbali ziwiri unakopa kwambiri asilikali amene anapita patali ndi sukulu, ndiponso amene poyamba ankatsutsa. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Munthu wodziwa zinthu amabwera ali kale ndi mfundo zokutsutsa m'mutu mwake. Ukapanda kuzitchula, iye amaganiza kuti mwina suzidziwa kapena ukuzibisa, ndipo pamene iwe ukulankhula iye amakhala akukonza funso lake m'malo momvetsera.

Koma mu 1999 Daniel O'Keefe atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu anapeza chimene ndikuti chimaiwalika chija. Uthenga wotchula mfundo zotsutsa n'kuziyankha umakopa kuposa wa mbali imodzi. Uthenga wongozitchula osaziyankha umakopa mochepa poyerekeza ngakhale ndi wa mbali imodzi uja. Ndiye wolemba amene amadzaza pepala lake ndi mawu akuti "n'zoona kuti ena amaona mosiyana" n'kupitirira osanena chifukwa chake iye sakugwirizana nawo, wangopatsa omutsutsa zida zomumenyera.

Nkhani imene imandipweteka mtima pa zimenezi ndi ya dokotala Ignaz Semmelweis. Pa chipatala chachikulu cha ku Vienna panali zigawo ziwiri za amayi oyembekezera. Pakati pa 1841 ndi 1846, m'chigawo cha madokotala ndi ophunzira udokotala amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse ankamwalira, makamaka ndi matenda otentha thupi obwera pambuyo pobereka, pamene m'chigawo cha azamba ankamwalira pafupifupi 4. Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi mpeni pofufuza mtembo, namwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Semmelweis anazindikira kuti madokotala ankachoka kokang'amba mitembo n'kukagwira amayi ndi manja omwewo. M'mwezi wa Meyi analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kulorini. Mu Epulo imfa zinali pafupifupi 18 mwa 100, pofika Juni zinatsika kufika pafupifupi 2.

Munthuyu ankanena zoona, ndipo manambala anali kumbali yake. Komabe akatswiri anzake anali ndi mafunso amene sanali opusa pa nthawiyo. Kanthu kochepa kotsalira m'zikhadabo kangaphe bwanji munthu? Nanga bwanji matendawa ankapezekanso kumalo kumene mitembo sinkang'ambidwa kawirikawiri? Ena ankati anayesa kusamba m'manja m'zipatala zawo koma imfa sizinatsike. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo sayansi inali isanatsimikize kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timayambitsa matenda. Semmelweis anachedwa kulemba, buku lake linatuluka mu 1861, ndipo atatsutsidwa analemba makalata apoyera otchula maprofesa ena, monga Scanzoni wa ku Würzburg, kuti ndi opha anthu. Anamwalira mu 1865 ambiri asanamuvomereze.

Sindikunena kuti ukali wake wokha ndiwo unamugwetsa, pakuti panalinso ndale za pachipatala ndi kunyada kwa akuluakulu. Koma taganizirani zimene kalata yotere imachita kwa woilandira. Kuti pulofesa avomereze mfundoyo, ayenera kuvomereza kaye pamaso pa ophunzira ake kuti iye ndi chigawenga. Ndi anthu ochepa kwambiri amene angalipire mtengo umenewo, ngakhale umboni utakhala woonekeratu. Nkhani inasiya kukhala ya manja ndi kulorini, inasanduka ya mbiri ya munthu. Ndipo amene ankavutika ndi kuchedwako anali amayi.

Semmelweis akanatha kuyankha mwa njira ina popanda kutaya kanthu pa choonadi. Choyamba, kunena funso la womutsutsa momveka bwino, mpaka mwini wake avomere kuti inde, ndi zimene ndikutanthauza. Kenako kuvomereza chimene chilidi choona, kuti sakudziwa bwinobwino momwe kanthu kochepa kotero kamaphera munthu. Kuvomereza kumeneku kuyenera kukhala ndi malire omveka: kusadziwa momwe chinthu chimachitikira sikufafaniza kuti imfa zinatsika kuchoka pa 18 kufika pa 2. Ndipo kwa amene ankati anayesa koma sizinathandize, m'malo mowanyoza, kuwafunsa kuti ankasamba liti, ankasamba onse kapena ena okha, madziwo anali ndi kulorini wochuluka bwanji, nanga zipangizo ndi nsalu ankazitani. Akatero n'kuwapempha kuti ayesenso kwa miyezi ingapo motsata ndondomeko imodzi, atagwirizana pasadakhale kuti zotsatira zotani zidzasonyeza kuti iye walakwa. Pamenepo wotsutsa amapeza khomo lotulukira, chifukwa akhoza kusintha maganizo n'kunena kuti watsatira zimene wadzionera yekha.

Wina anganene kuti kumeneko ndi kufewa, ndipo sayansi imakula ndi kutsutsana. N'zoona kuti imakula ndi kutsutsana, ndipo m'njira imene ndafotokozayi mfundo yolakwika ikutsutsidwa ndithu, mpaka kumapeto. Chimene chachotsedwa ndi kuweruza mtima wa munthu. Pali nthawi imene kulankhula mosapita m'mbali n'kofunika, monga pamene wina wapeka manambala kapena wabisa zotsatira. Pamenepo kufunafuna pogwirizana ndi kuthandiza bodza. Koma wokayikira wamba wa m'chipinda cha semina si wachinyengo. Ndi munthu amene ntchito yake ndi kukayikira, ndipo nthawi zambiri funso lake lili ndi kachoonadi kena mkati.

Njira yogwirizanayi ilinso ndi msampha wake. Anthu ophunzira amazindikira msanga kuvomereza kwachiphamaso, pamene wolankhula wasankha dala mfundo yofooka ya omutsutsa kuti aigwetse mosavuta, n'kusiya yamphamvu ija. Akazindikira zimenezo amasiya kukhulupirira ngakhale zoona zimene wanena. Choncho mfundo yoyenera kuitchula ndi imene iwe mwini umaiopa kwambiri. Ngati ulibe yankho lake lokwanira, nena poyera mbali imene wayankha ndi mbali imene yatsala, ndiponso kafukufuku amene angaithetse.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda? Mvetserani mafunso. Ngati anthu akubwerezabe funso limene mwayankha kale, ndiye kuti simunanene nkhawa yawo momwe iwo amaimvera, bwererani mukawafunse. Akayamba kufunsa kuti kodi zimenezi zingagwirenso ntchito pa gulu lina la odwala, kapena mukanayeza mwanjira ina zikanatuluka bwanji, ndiye kuti ayamba kugwira ntchito ndi mfundo yanu, ngakhale palibe amene wanena kuti wagonja.